Bwenzi langa la ku Mangalande layamba kundidandaulira za ndalama

Zikomo Mayi a malangizo,

Ndikukulemberani usiku uno chifukwa tulo tandithawa, ndipo nkhaniyi sindingathe kuifotokozera munthu wa kuno amene amandidziwa nkhope. Ndine mayi wa zaka 43, ndimakhala kufupi ndi Nchalo m'boma la Chikwawa, ndimagulitsa nsomba zouma ndi mapira, komanso ndine msungichuma wa banki m'khonde ya amayi a kutchalitchi kwathu. Amuna anga anamwalira kale, anandisiyira ana atatu. Chonde musatchule dzina langa.

Pali bambo wina amene ndinadziwana naye pa Facebook pamene ndinaika zithunzi za momwe madzi a namondwe wa Freddy anagwetsera khitchini yanga mu Malichi 2023. Iwo analemba mawu achipepeso m'Chichewa chabwino, kenako anabwera kumbali nkunena kuti kwawo ndi ku Mulanje koma ali ku Mangalande kumene amagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Anati nawonso anaferedwa mkazi. Sipanapite nthawi, anapempha kuti tizicheza pa WhatsApp, ndipo nambala yawo imayamba ndi +44, zimene zinandipatsa chikhulupiriro kuti alidi kunjako.

Ndikufuna mumvetse kuti kwa nthawi yaitali bamboyu sanatchulepo za ndalama ngakhale pang'ono. M'mawa uliwonse ndinkapeza uthenga wondifunsa ngati ndadzuka bwino, madzulo ankafunsa ngati nsomba zayenda malonda, ndipo ankakumbukira ngakhale tsiku limene mwana wanga wamkazi ankayamba mayeso a Fomu 2. M'mwezi wa Okutobala, pamene kuno kumatentha moti timagona panja pamkeka, ankandiimbira usiku nkumandiuza kuti akadzabwera adzandiikira denga labwino ndi sola. Ankanditchula kuti "mayi a kunyumba", ndipo chimwalilireni amuna anga palibe munthu amene anandifunsapo ngati ndadya. Alamu anga, amene anabwera kudzatenga njinga ndi ng'ombe ziwiri maliro asanazizire, sanandifunsepo zimenezo, ndipo lero ndi omwewo amene angayambe kundiseka atamva nkhaniyi. Pali zinthu zina zimene ndinawauza bamboyu, ndi zithunzi zina zimene anandipempha, zimene sindingazifotokoze m'kalata ino.

Nthawi ina mwana wanga wamng'ono atadwala malungo, iwo ananditumizira K20,000 osawapempha. Ndalamayo sinabwere kudzera pa Mukuru monga momwe ena amalandirira kuchokera kwa abale awo a ku Joni, koma inalowa pa Airtel Money kuchokera pa nambala ya konkuno ya 099, yokhala ndi dzina la mzimayi. Ndinafunsa, ndipo anandiyankha kuti ndi mchemwali wawo amene amawasungira ndalama ku Limbe. Sindinaone chovuta chilichonse, ndipo kunena zoona K20,000 imeneyi ndi imene yandimanga manja mpaka lero, chifukwa ndimadzifunsa kuti wakuba angayambe bwanji ndi kupatsa.

Kusintha kunayamba pang'onopang'ono, ndipo ndi kumene ndikufuna mundithandize kukumvetsa. Poyamba anangoyamba kuchedwa kuyankha. Ndikafunsa, ankati, "Palibe kanthu mayi, sindikufuna kukusenzetsani mavuto anga." Ine ndinkaumirira kuti andiuze, ndipo atakana kangapo ndi pamene ananena kuti kuntchito awachepetsera maola. Patapita masiku anawonjezera kuti banki yawo ya kumeneko yatseka akaunti yawo pofufuza zina zake, moti ndalama zilimo koma sangazitape. Kenako inabwera nkhani yoti mayi awo agonekedwa m'chipatala ku Blantyre ndipo akufunika mankhwala ogula. Pa zonsezi sananenepo kuti ndiwapatse ndalama. Ankangomaliza ndi mawu akuti, "Mulungu adziwa," kapena akuti, "Ndikanakhala ndi munthu wondigwira dzanja kwa sabata imodzi yokha." Ndinadzipereka ndekha, ndipo ndinatumiza K40,000 pa nambala ya mchemwali uja. Patangotha sabata anandibwezera K45,000, nati yapamwambayo ndi ya fanta ya ana.

Mukuona pamene pali vuto langa, Mayi. Akanakhala kuti anadya ndalama ija bwenzi ndikudziwa chochita. Koma anabweza, ndipo atabweza chikondi chinabwerera mwakale, mafoni a usiku anayambiranso, mpaka anandifunsa saizi ya nsapato za ana. Tsopano mwezi uno kusintha kuja kwabweranso, koma vuto lake lakula. Akuti viza yawo ikutha, abwana amene anawaitanitsa akufuna kuwasiya, ndipo pali munthu amene angawakonzere mapepala ngati papezeka ndalama yokwana K850,000 lisanafike Lachisanu la sabata yamawa. Akuti zikakanika awathamangitsa, ndalama za kubanki zija zipita, ndipo zonse zimene tinapangana zithera pomwepo. Apanso sanapemphe mwachindunji, koma anandifunsa mafunso awiri amene andisowetsa mtendere: anafunsa kuti mbuzi zanga zilipo zingati tsopano, ndiponso kuti gulu lathu la banki m'khonde limagawana ndalama mwezi uti. Ndine amene ndinawauza kale kuti bokosi la gulu limagona m'nyumba mwanga, ngakhale kuti makiyi ake atatu amasunga amayi ena.

Ndayamba kuona kuti kukoma mtima kwawo kumayendera limodzi ndi mayankho anga. Tsiku limene ndinati ndiyesa kufunsa mtengo wa mbuzi ku msika wa Ngabu, anandiimbira nthawi yaitali nkumalira kuti sanaonepo mkazi wamtima ngati wanga. Tsiku limene ndinati ndalama ya gulu si yanga, anawerenga uthengawo, timizere tija tinasanduka tabuluu, koma anakhala chete mpaka mawa lake madzulo, pamene analemba kuti ankaganiza kuti ndine wosiyana ndi akazi ena. Mawu amenewo anandilasa kwambiri, chifukwa sindinawakanize kanthu kalikonse kamene kali kanga. Amandikoka ndi kundimasula ngati msodzi wa mumtsinje wa Shire amene wamva kuti mlamba wameza nyambo.

Pali zinanso zimene ndakhala ndikuzikankhira kumbali. Sitinaonanepo pa vidiyo ngakhale kamodzi. Amati kamera ya foni yawo inasweka, nthawi zina amati kuntchito saloledwa, ndipo ine ndinkavomera chifukwa netiweki ya kuno imavutadi komanso bandulo ya vidiyo imadula. Koma munthu amene amalandira mapaundi angakhale chaka chathunthu ndi kamera yosweka? Tsiku lina mu Disembala tikulankhula m'mawa ndinamva tambala akulira kumbuyo kwawo, ndiponso mawu ngati a kondakitala woitanira minibasi, iwo nkunena kuti ndi wailesi ya kwathu imene amamvera pa intaneti akasowa kumudzi. M'mwezi womwewo anandilembera nthawi ya 7 koloko m'mawa kuti dzuwa latuluka bwino ndipo akulowa ntchito, koma mwana wa achimwene anga, amene amaphunzira ku koleji, anandiuza kuti m'nyengo yozizira nthawi ya ku Mangalande imatsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu, kutanthauza kuti kumeneko inali 5 koloko, ndipo mu Disembala dzuwa la kumeneko limatuluka cha m'ma 8 koloko.

Mnyamata ameneyu sindinamuuze zonse, ndinangonena kuti ndikufunsira mnzanga. Iye anandifotokozera kuti nambala ya +44 si umboni woti munthu ali ku Mangalande, chifukwa WhatsApp ikangolembetsedwa pa nambala ina imagwirabe ntchito kulikonse kumene kuli intaneti, ngakhale ku Ndirande. Anaika chithunzi cha bamboyu pa Google Lens kuti aone ngati chinabedwa kwa munthu wina, koma sanapeze kanthu. Ine ndinasangalala, koma iye anati kusapezeka kwa chithunzi sikutsimikiza kuti munthuyo ndi woona, kumangosonyeza kuti chithunzicho sichili poyera. Ananenanso kuti ndalama ya viza ya dziko lina singalipiridwe pa nambala ya foni ya munthu wa ku Limbe, ndipo kuti anthu otere amayamba ndi kubweza kangongole kakang'ono kuti adzatenge kwakukulu. Ndinakwiya naye ngakhale sanalakwe, ndipo ndinamuuza kuti ana a masiku ano amaona aliyense ngati wakuba.

Chimene chandisweratu mtima chachitika dzulo. Ndinawauza bamboyu kuti popeza mayi awo akudwalabe, ndikwera minibasi kuno, ndiwoloke mlatho wa Kamuzu, ndikwere mapiri a Thabwa ndikawaone kuchipatala, ndiwatengereko ufa ndi nsomba, ndipo ndikakumanenso ndi mchemwali wawo uja. Ndinayembekeza kuti asangalala. M'malo mwake anati achibale awo sanakonzeke kundiona, kuti mayiwo asamutsidwa wodi, ndiponso kuti ndalama ya thiransipotiyo ndi bwino ndingoitumiza ithandize pa mapepala. Nditaumirira kuti andipatse dzina la mayiwo, anandifunsa ngati ndayamba kuwayesa mbava, ndipo anandikumbutsa za zithunzi zija ponena kuti iwo anasunga zinsinsi zanga mokhulupirika. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kudandaula chabe kapena kundiopseza, koma thupi langa lonse linazizira.

Komabe ndimamva kuti anthu ena amene anapita kunja kukasamalira nkhalamba amavutikadi ndi mabwana ndi mapepala, ndipo munthu wamwamuna amachita manyazi kupempha kwa mkazi, mwina nchifukwa chake amazungulira. Ngati zonsezi ndi zoona ndipo ine ndawataya pa nthawi ya mavuto, ndidzakhala ndi mlandu wotani pamaso pa Mulungu? Iwo anandithandiza mwana wanga akudwala pamene abale enieni anali chete.

Ndithandizeni, Mayi. Kodi munthu amene ali pa mavuto enieni amasiyana bwanji ndi munthu amene akukonza njira yoti ndidzipereke ndekha, popeza onse awiri amalira mofanana? Ndikawauza kuti sinditumiza kalikonse mpaka tionane pa vidiyo, atchule dzina langa ndi kundionetsa msewu wa kumene akukhala, kodi ndikhala ndawanyoza kapena ndi ufulu wanga? Ngati akana, ndiwatseke nthawi yomweyo kapena ndiyambe ndasunga mauthenga onse ndi nambala ya ku Limbe ija kuti ndikaonetse kupolisi, ndipo kodi apolisi angandimvere popanda nkhani kufika kwa alamu anga ndi kutchalitchi? Nanga zithunzi zija akazitumiza kwa anthu, ndidzawauza chiyani ana anga? Mbuzi sindinagulitse ndipo bokosi la gulu sindinalikhudze, koma Lachisanu likuyandikira, ndipo pamene ndikulemba pano atumizanso uthenga wofunsa ngati ndagona kale.

Ine mayi wosowa mtendere,
Nchalo, Chikwawa