Lipoti la msonkhano wa ku Braamfontein: chifukwa chake kabolodi kathu kanapsa, ndi choti tigule

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi inu nonse abale a gulu lathu la oika mageti ndi maalamu kuno ku Joni, ndakupatsani moni. Loweruka lapitali munandituma ku msonkhano wa anthu okonda zopangapanga za magetsi ku Braamfontein, ndipo munandipatsa funso limodzi loti ndikabwere ndi yankho lake: kachipangizo kathu kotumiza uthenga batire ya geti ikatsika tikapatse magetsi kudzera pa legiyuleta ya liniya kapena pa baki konveta? Ndinanyamula kabolodi kaja kanapsa m'bokosi la geti ku Rosettenville, ndipo nkhani yonse inayambira pa iko.

Amene amatsogolera zokambirana anali mayi wina yemwe ntchito yake ndi kukonza mabolodi a mainiveta. Atakatenga kabolodi kathu ka maikulokontirola ya ESP32 anakanunkhiza, kenako analoza kachinthu kakuda ka miyendo itatu kolembedwa AMS1117, kamene kanali katatupa pamwamba ngati chitumbuwa. Anandifunsa kuti, "Achimwene, pa phini ya VIN munalowetsapo mavoliti angati?" Nditayankha kuti tinatenga molunjika ku batire ya geti ya mavoliti 12, anagwedeza mutu n'kundiuza kuti nditenge cholembera tiwerengere limodzi.

Legiyuleta ya liniya, monga AMS1117 kapena 7805 yathu yakale ija, imatsitsa mavoliti powotcha otsalawo. Magetsi amene akulowa ndi ofanana ndi amene akutuluka tikawerenga mamiliampu, koma kusiyana kwa mavoliti konse kumasanduka kutentha. Masamu ake ndi awa:

```
P = (Vin - Vout) x I
P = (13.8 - 3.3) x 0.1 = 1.05 W
```

Taikapo 13.8 osati 12 chifukwa, monga mukudziwa, magetsi akayaka chaja ya mota ya geti imasunga batire pamenepo. Pa 0.1 ndi mamiliampu 100, amene tinapeza titayeza bolodi ina ya mtundu womwewo ili yolumikizidwa pa wayifayi osagona. Ndiye kuti maikulokontirola ikugwiritsa ntchito mawati 0.33 okha, pamene wati yathunthu ndi pang'ono ikuthera m'kachinthu kochepa ngati njere ya chimanga. Pepala la opanga AMS1117 limati ka mtundu uwu kamakwera pafupifupi madigiri 90 pa wati iliyonse ngati palibe mkuwa wokwanira wochotsa kutentha, ndipo malire ake ndi madigiri 125. Bokosi la geti likakhala padzuwa mu Disembala limafika madigiri 40 mosavuta. Mukaphatikiza mupeza kuti tinali titadutsa kale malire, wayifayi isanayambe n'komwe kutumiza, pomwe ESP32 imakoka mpaka mamiliampu 240 kwa kanthawi. AMS1117 ili ndi chitetezo chozimitsa ikatentha kwambiri, ndipo n'chifukwa chake bolodi inkazima n'kuyakanso masana tisanadziwe chimene chikuchitika. Ine ndinkaganiza kuti ndi netiweki. Ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera pamaso panu chifukwa ndine ndinalumikiza waya uja.

Panalinso chinthu china chimene sindinkachiganizira. AMS1117 siloledwa kulandira mavoliti opitirira 15, ndipo ife tinali pa 13.8 pa waya womwewo umene mota imakokapo. Mota ikamaima imaponya mavoliti m'mwamba kwa kamphindi, choncho mpata umene tinasiya unali wochepa zedi.

Baki konveta imagwira ntchito mwa njira ina. M'kati mwake muli switchi imene imatsegula ndi kutseka mofulumira kwambiri, ka 150,000 pa sekondi mu LM2596, ndipo koyilo ndi kapasita zimasalaza zidutswa za magetsizo kuti zituluke ngati mavoliti okhazikika. Popeza siwotcha otsala, imakoka mamiliampu ochepa ku batire kusiyana ndi amene ikupereka. Tinawerengera ngati ikupulumutsa 80 pa 100 iliyonse, chimene ndi chiyerekezo chabe. Mawati 0.33 amafuna 0.41 kuchokera ku batire, ndipo pa mavoliti 12.6, magetsi atathima, amenewo ndi mamiliampu 33. Liniya pa ntchito yomweyo ikukoka 105, tikaphatikiza 5 amene imadya yokha.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandikhudza ngati munthu woika mageti. Batire zathu zambiri ndi za 7Ah, ndipo tonse tikudziwa kuti batire ya ledi ukamaitsitsa kupitirira theka kawirikawiri siikhalitsa. Ndiye tili ndi mamiliampu-ola 3,500 oti tigwiritse ntchito. Liniya imawamaliza m'maola 33, baki m'maola opitirira 100. Komatu batireyo si ya kachipangizo kathu, ndi ya geti. Magetsi akathima maola anayi, liniya yabera geti mamiliampu-ola 420 pamene baki yatenga 132. Thiransifoma ikaphulika kapena akaba mawaya dera n'kukhala mumdima masiku awiri, kachipangizo kamene tinaika kuti kateteze batire ndi kamene kangaiphe, kasitomala n'kutsekeredwa kunja kwa mpanda wake. Pa batire ya mavoliti 12 ndi bolodi yosagona, yankho ndi baki, ndipo m'chipindamo panalibe wotsutsa.

Ndinali wokonzeka kutseka kope langa, koma bambo wina wachikulire amene amapanga zoyezera madzi m'mathanki anati ndidikire kaye. Anafunsa chifukwa chake bolodi yathu ili maso tsiku lonse pamene batire ya geti sisintha pa mphindi imodzi. ESP32 ikagona tulo tofa nato imakoka pafupifupi mamaikuloampu 10, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 100 a miliampu. Titaiuza kuti izidzuka pa mphindi khumi zilizonse, kugwira ntchito masekondi asanu pa mamiliampu 120 n'kugonanso, pa avereji ikudya miliampu imodzi yokha. Zikatero chimene chikutha batire si maikulokontirola ayi, koma chakudya cha legiyuleta yeniyeniyo, magetsi amene imadya ngakhale palibe chimene ikudyetsa. Pa pepala la opanga amalemba kuti Iq. LM2596, ija ya bolodi ya buluu imene timagula kwambiri, imadya pafupifupi mamiliampu 5 ili chikhalire, kasanu kuposa chimene tikufuna kudyetsacho. MP1584 pa pepala ili pafupi ndi mamiliampu 0.1. Zonse ndi baki, koma pa chipangizo chogona sizifanana n'komwe.

Bamboyo anatulutsa chake m'thumba kuti tione. Chimayendera selo imodzi ya 18650, imene imayamba pa mavoliti 4.2 itadzaza n'kumakhala nthawi yaitali cha pa 3.7, ndipo iye anaikapo liniya, AP2112K ya mavoliti 3.3. Kuchoka pa 3.7 kufika pa 3.3 mpata ndi wochepa, moti liniya ikupulumutsa pafupifupi 89 pa 100, osasiyana ndi baki, popanda koyilo kapena phokoso. Imadya mamaikuloampu 55 okha, ndipo imapitiriza kugwira selo itatsika mpaka cha pa 3.5. Ndi selo ya mamiliampu-ola 2,500, masamu akupereka miyezi itatu, pamene legiyuleta yodya mamiliampu 5 ingamalize selo yomweyo m'masiku 17. Anatichenjezanso kuti AMS1117 pa selo imodzi siyenera, chifukwa imafuna kuti olowa apose otuluka ndi voliti imodzi ndi pang'ono, ndiye kuti 4.4, amene seloyo siifika. LM2596 nayo siyamba pansi pa 4.5. Chizindikiro chake mudzachiona pa kompyuta bolodi ikamayesa kulumikiza wayifayi n'kuyambiranso:

```
Brownout detector was triggered
```

Mukaona mawu amenewa musathamangire kusintha pulogalamu. Mavoliti akugwa pamene wayilesi ikukoka kwambiri, ndipo vuto lili pa legiyuleta, pa waya woonda kapena pa kusowa kwa kapasita pafupi ndi bolodi.

Tsono maganizo anga pa chipangizo chathu ndi awa, ndipo komiti ndiyo igamule. Tigule baki ya MP1584, imene imalandira mpaka mavoliti 28, tiitchere pa mavoliti 5, ndipo amenewo ndiwo alowe pa VIN. AMS1117 ya pa bolodi idzangotsitsa kuchoka pa 5 kufika pa 3.3, kutentha kwake mawati 0.17, koti chala sichingamve kupsa. Njirayi imataya pang'ono kuposa kutchera baki pa 3.3 molunjika, chifukwa batire idzapereka cha m'ma 52 m'malo mwa 33 bolodi ili maso. Ndaisankha dala pa zifukwa ziwiri. Liniya imathandiza kusefa zina mwa phokoso la baki, ndipo ife tikuyeza mavoliti a batire, ntchito imene manambala amadumphadumpha magetsi akakhala a phokoso. Chachiwiri n'chakuti ESP32 siloledwa kupitirira mavoliti 3.6, ndipo kasikuluu kotcherera pa timabolodi timeneti n'kosakhulupirika: kakasuntha pang'ono ndi kunjenjemera kwa mota, pa phini ya 3V3 bolodi yafa, pamene pa VIN ilipo yoiteteza. Tikadzafika popanga bolodi yathuyathu yogona, tidzachotsa AMS1117 ndi kanyali kofiira ka pa bolodi kaja, chifukwa zimenezo zimadya ngakhale maikulokontirola ili m'tulo.

Chimodzi ndikupempha aliyense amene adzagwire ntchitoyi. Baki ikachoka kusitolo simudziwa kuti yatcheredwa pati, ndipo ikhoza kutulutsa pafupifupi zonse zimene mwalowetsa. Ilumikizeni ku batire yokha, ikani mita pa mawaya otuluka, potozani kasikuluu pang'onopang'ono mpaka mita iwerenge 5.0, kenako donthezani kaguluu kapena polishi ya zikhadabo kuti kasasunthenso. Mukatero dulani waya wa pulasi wochokera ku batire, ikani mita pakatipo itatcheredwa pa mamiliampu, muwerenge kawiri, bolodi italumikizidwa ndiponso itachotsedwa. Nambala yachiwiriyo ndiyo chakudya chenicheni cha kabolodi ka baki kamene mwagula, ndipo nthawi zambiri imaposa ya pa pepala chifukwa cha zina zimene opanga anawonjezerapo. Fuzi yaing'ono pafupi ndi batire isaiwalike, pakuti batire ya 7Ah ikagundanitsidwa imasungunula waya.

Ndalama ya thiransipoti yotsala ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi lisiti. Ndikupempha chilolezo chogula timabolodi ta baki tiwiri ndi ESP32 imodzi, kuti Lamlungu likudzali tikatha mapemphero tikayese pa geti ya ku Turffontein, bokosi lili lotseka padzuwa, tione kutentha ndi mamiliampu tisanaike kwa kasitomala aliyense. Amene ali ndi mita yowerenga mamaikuloampu abwere nayo, yanga imayambira pa mamiliampu.