Zilengezo za ntchito zizinena ntchitoyo ndi malipiro ake

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za zilengezo za ntchito zimene zimangoti "tikufuna munthu wolimbikira wothandiza ntchito zosiyanasiyana, malipiro tidzakambirana." Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yolemba antchito kuno ku Harare, ndipo mwezi watha alamu anga, amene ali ndi nyumba yosungiramo katundu womangira ku Graniteside, anandipempha kuti ndiwakonzere chilengezo cha mtundu womwewu.

Chilengezo chawo choyamba chinali chitabweretsa makalata oposa 200. Analembera madalaivala, alonda, amayi ofuna ntchito yosesa ndiponso achinyamata a madigiri, chifukwa aliyense ankadziona m'mawu akuti "ntchito zosiyanasiyana." Mwa anthu asanu ndi mmodzi amene anaitanidwa, anayi anatsanzika atangomva malipiro, ndipo ndalama zawo za kombi zinangopita pachabe.

Ndisanakhudze liwu lililonse, ndinawafunsa kuti: "Alamu, munthuyu akafika Lolemba m'mawa, adzayamba kugwira chiyani?" Apa m'pamene zinadziwika kuti ankafuna kalaliki wa katundu, woti lole ikafika aziwerenga matumba a simenti ndi malata, azifananitsa ndi chikalata chobwera ndi katunduyo, azilemba m'buku zolowa ndi zotuluka, ndipo Lachisanu lililonse aziwerenga zotsala. Zimenezi tinazilemba m'ziganizo zitatu, chilichonse chonena chochita chooneka ndi maso. Alamu sankafuna kutchula zoti nthawi zina kalalikiyo azithandiza kutsitsa matumba a makilogalamu 50, poopa kuti anthu athawa. Ndinawauza kuti amene angathawe powerenga ndi yemweyo amene akanathawa sabata yoyamba atalembedwa kale. Tinatchulanso malo ndi nthawi: ku Graniteside, 7:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo, ndiponso Loweruka mpaka masana, kuti wokhala ku Chitungwiza kapena ku Dzivarasekwa awerengeretu za ulendo wake.

Pa zoyenereza tinachotsa mawu akuti "wamaphunziro abwino" n'kuika Fomu 4 yokhala ndi masamu, ndi chaka chimodzi pa ntchito yosunga katundu. Kudziwa kompyuta tinakulemba padera monga chinthu chongowonjezera mwayi, pakuti zofunika ndi zongolakalaka zikasakanizidwa, munthu woyenera amene akusowa chimodzi chokha amadzichotsa yekha. Tinafufutanso mawu akuti "mwamuna," popeza gawo 5 la lamulo la ntchito la Zimbabwe limaletsa tsankho lotere ngakhale pa kulengeza ntchito.

Pamene tinalimbana kwambiri ndi pa malipiro. Kuno kungolemba nambala sikokwanira, chifukwa chiyambire mu Epulo 2024 pamene ndalama ya ZiG inayamba, funso loyamba la wofuna ntchito aliyense limakhala lakuti alandira ndalama yanji. Choncho tinalemba kuti malipiro ndi madola a ku America 320 mpaka 360 pamwezi malinga ndi luso, asanachotse msonkho ndi chopereka cha penshoni ku NSSA, onse olipidwa m'madola, kuphatikizapo madola 40 a mayendedwe. Mawu akuti "asanachotse" ndi ofunika zedi, chifukwa munthu akamva 320 amaganiza kuti ndiyo yolowa m'thumba, ndipo mkangano umabuka pa tsiku la malipiro oyamba. Ndinawauzanso alamu kuti ayambe afunsa ku NEC, bungwe la olemba ntchito ndi antchito a gawo lawo la malonda, kumene amaika malipiro otsikitsitsa a giredi iliyonse, kuti asalengeze ndalama yochepera pa yovomerezeka. Mpata wa pakati pa 320 ndi 360 tinaupanikiza dala; ukakhala wa 200 mpaka 600, ndiye kuti ndi "tidzakambirana" yemwe uja wangovala malaya ena.

Alamu ankadandaula kuti antchito awo akale akaona nambalayo ayamba kung'ung'udza. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa, koma lamulo lomwelo, pa gawo 12, limafuna kuti wolembedwa ntchito apatsidwe zonsezi molemba, ndipo antchito a pamalo amodzi sabisirana malipiro nthawi yaitali.

Chilengezo chatsopanocho chinatha ndi tsiku lotsekera, miyezi itatu yoyeserera, ndi chiganizo chakuti palibe ndalama iliyonse yolipira pofunsira ntchitoyi. Makalata anabwera 31 okha, ndipo 12 mwa iwo anali a anthu amene anagwirapo ntchito yosunga katundu.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti amene amalandira zilengezo ku ofesi yanu azifunsa mwini chilengezo dzina la ntchito, zochita zake, malo, maola, malipiro ndi mtundu wa ndalama asanachisindikize.

Ine wowerenga wanu,
Mufakose, Harare