Amalume ako ali moyo, Mphatso

Area 25, Lilongwe
9 Julaye

Mphatso mnzanga,

Imelo yako ija ndayikonza ndipo ndakubwezera kale. Koma usanayitumize kwa a supavaiza akowo uwerenge kaye kalata ino, chifukwa ndimakudziwa: ukangoona kuti ndafufuta ndime zako zitatu, uzibwezeramo usiku ine ndili m'tulo.

Tiyambe ndi maliro. Aise, amalume ako a ku Kawale anakulakwira chiyani kuti uwaphe chonchi? Walemba kuti sunathe kumaliza chaputala chachinayi cha pepala lako la kafukufuku chifukwa banja lili pa chisoni, amalume atisiya. Ine Loweruka ndawaona ndi maso angawa pa Bwalo la Njobvu akukangana ndi kondakitala za chenji, mawu ali pamwamba, jekete lawo lija lili paphewa. Ndinafuna kuwapatsa moni wa chipepeso koma ndinaopa. Nditamuuza Nabanda anaseka mpaka kupsereza ndiwo, kenaka wayamba kufunsa ngati tisonkhe ya bokosi kapena tidikire uthenga wochokera ku Mangalande. Panopa akuti ukadzabwera adzakutengera yekha ku Kawale ukagwade, ukawauze akuluwo kuti unawaika m'manda pofuna masabata awiri okha. Masabata awiri! Munthu amene anakugulitsira mbuzi kuti ulipire mayeso a Fomu 4.

Ndachotsa zimenezo, ndipo sikuti ndachotsa chifukwa cha manyazi okha. M'mayunivesite a kumeneko, nkhani ya imfa ikangotchulidwa supavaiza wabwino amakutumiza ku ofesi yoona za ophunzira amene agwa m'mavuto, kuti akuthandize mwalamulo. Kumeneko kuli fomu, ndipo kawirikawiri fomuyo imafuna umboni. Ukanautenga kuti? Ukanayamba kundiimbira kuti ndikupezere kalata ya kwa amfumu, ndipo bodza laling'ono likanasanduka mlandu wachinyengo umene ungakuchotsetse sukulu. Komanso mayiyo, supavaiza wakoyo, akanakulembera mawu achisoni ochokera pansi pa mtima, nkumakufunsa mwezi wonse kuti banja likupeza bwanji.

Chimene chikundidabwitsa n'choti chifukwa chako chenicheni ndi chabwino kuposa malirowo, koma unachibisa mu ndime yachinayi ngati chochititsa manyazi. Pa mafomu 120 amene Chisomo anadzaza ndi alimi a ku Mitundu, 38 zokolola zinalembedwa mu ngolo, osati mu makilogalamu. Ngolo ya chimanga chosatonola sungangoichulukitsa ndi nambala imodzi, pakuti ngolo zimasiyana kukula, kupakira kumasiyananso, ndipo china chimakhala ndi makoko pomwe china n'chosenda. Ukangoganizira nambala yako, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a deta yako likhala lopeka. Ndiye Chisomo akubwerera kwa alimiwo kukafunsa kuti atatonola anapeza matumba angati a makilogalamu 50, ndipo mwezi uno ambiri atonola kale, ayankha zoona. Supavaiza aliyense wa zaulimi akamva zimenezo amadziwa kuti wophunzira wake ali maso pa ntchito. Ndazilemba mu ziganizo ziwiri basi: vuto ndi ili, ndikulikonza motere, Chisomo amaliza pofika pa 18 Julaye.

Za Chisomoyo, umutumizireko kenakake. Akukwera kabaza kuchoka pa Mitundu kulowa m'midzi ndi fumbi la mwezi uno, ndipo mitengo ya kabaza si ija unaisiya. Sanadandaule kwa iwe, wadandaula kwa ine.

Tsopano mayambidwe ako. Unayamba ndi kufunsa za moyo wawo, wa banja lawo, kuyamika Mulungu kuti wawasunga, kuthokoza chifukwa cha nzeru zawo zakuya, kenaka kupepesa kuti ukuwasokoneza pa ntchito zawo zambiri. Ndinafika pakati pa tsamba ndisanadziwe chimene ukupempha. Kwathu kuno n'zoona, sungafike pakhomo pa munthu wamkulu nkuyamba ndi pempho usanakhale pansi. Koma mayiyo mwina awerengera pa foni ali pakati pa misonkhano iwiri, ndipo ali ndi ophunzira ena amene onse akulemba mwezi womwe uno. Akawerenga mizere isanu osapeza nkhani, aisiya kuti aiona madzulo, ndipo madzulowo sadzafika. Ndiye ndaika pempho mu chiganizo choyamba penipeni: mukundiyembekezera ndi dirafuti ya chaputala chachinayi pa 14 Julaye, ndikupempha kuti ndikupatseni pa 28 Julaye. Ulemu sunachoke. Kuthokoza kulipo, kamodzi, kumapeto. Kupepesa kulipo, kamodzinso. Iwe unapepesa kasanu ndi kawiri, ndinawerenga.

Pamutu pa imelo unangolemba moni. Ndasintha kuti pakhale `Chapter 4 draft: request to submit on 28 July`, kuti ngakhale asanatsegule adziwe nkhani ndi tsiku. Ndipo munthu wamayi, dokotala wa maphunziro, unamuyamba ndi `Dear Sir`. Ndaika `Dear Dr` kutsatiza dzina la bambo awo. Ngati m'maimelo awo amasaina ndi dzina loyamba ndipo mukakumana umawatchula choncho, ukhoza kulemba lomwelo, iwe ndiye ukuwadziwa.

Tsikulo ndi limene ndikufuna ulimvetse bwino, chifukwa iwe unangopempha nthawi yowonjezera pang'ono, osatchula kuti mpaka liti. Pempho lotero limampatsa munthu ntchito yoti akuganizire tsiku, ndiye amayankha ndi funso, iwe uyankhe, iye ayankhenso, sabata yatha. Ukatchula tsiku, akhoza kungoyankha kuti chabwino.

Ndipo pali masiku awiri osiyana amene iwe unawasakaniza mu ndime yomaliza, pamene unati mwina pepala lonse lichedwanso. Ndafufuta msanga chiganizo chimenecho. Tsiku la dirafuti ndi pangano la anthu awiri, iwe ndi iwo, ndipo akhoza kulisuntha ndi imelo imodzi. Tsiku lopereka pepala lonse, la pa 1 Seputembala lija, si lawo. Ndi la dipatimenti, ndipo kulisuntha kumafuna fomu, umboni ndi anthu ena oti avomereze. Ukapereka mochedwa popanda chilolezo amakudula malikisi. Iwenso uli pa sikolashipu ya chaka chimodzi ndi viza yokhala ndi tsiku lothera, ndiye pepala likasunthira kutsogolo ndalama ya lendi siisunthira nalo limodzi. Ukangotchula za tsiku lomalizalo mopanda kuganiza, mayiyo ayamba kuda nkhawa ndi chinthu chimene sunapemphe n'komwe.

M'malo mwake ndawawerengera masiku kuti aone okha kuti zikukwana. Ukawapatsa pa 28 Julaye, iwo nkutenga masabata awiri kuwerenga, ndemanga zawo uzilandira pofika pa 11 Ogasiti, ndipo utsala ndi masabata atatu athunthu okonza usanapereke pa 1 Seputembala. Ndawonjezeranso funso limodzi limene iwe sunaliganize: ngati adzakhale pa tchuthi mu Ogasiti. Aphunzitsi ambiri kumeneko amapuma mwezi umenewo. Ngati akuchoka pa 1 Ogasiti, tsiku lako la pa 28 lilibe phindu, ndi bwino akuuze lero kuti uwapatse pa 24 ngakhale mbali ina ili yosasalala.

Kodi 28 uikwanitsadi? Ndikufunsa chifukwa pempho loyamba anthu amavomera mosavuta, lachiwiri ndi limene limawononga dzina. Chisomo akamaliza pa 18 utsala ndi masiku khumi olowetsa manambala, kubwereza matebulo ndi kulemba. Ngati mumtima ukudziwa kuti ndi 31, sintha ulembe 31 panopa, ndipo uwerengenso masabata aja.

Usatumize imelo yopanda kanthu m'manja. Uphatikizepo zimene zatha: unandiuza kuti gawo lofotokoza alimiwo, zaka zawo, kukula kwa minda ndi za feteleza, latha pa mafomu onse, ndipo matebulo a zokolola alipo a mafomu 82 abwinowo. Tumiza zimenezo, ulembe pamwamba kuti manambala a zokolola asintha. Munthu akaona masamba asanu ndi atatu sakayika kuti ukugwira ntchito. Ndaikamo mzere wonena kuti sakukakamizidwa kuwerenga panopa, n'zongowasonyeza pamene wafika.

Tumiza mawa m'mawa, pa adiresi yako ya kuyunivesite, osati ija ya dzina lachibwana imene unatsegula tili ku sekondale. Usadikire usiku wa pa 13, chifukwa pamenepo sukhalanso ukupempha, ukhala ukungowadziwitsa. Pakadutsa masiku atatu a ntchito osayankha, lemba mzere umodzi pansi pa imelo yomweyo kuwakumbutsa. Osayambanso za maliro.

Kuno kukuzizira moti ana akupita kusukulu atavala majuzi awiriawiri. Madzi akumabwera pakati pa usiku, ndiye ndikumadzuka kutungira m'zigubu ngati mlonda. Galu wa aneba aja wadyanso nkhuku yanga yachitatu, mwini wake akuti galu wake sadya zosaphika. Msewu wathu wolowera kunyumba aukumba nkuusiya, minibasi ikutitsitsira kutali, nsapato zonse zafiira. Eya, Tadala wachira, ndi mwana wamkazi, onse ali bwino. Amayi ako ndinawaona ku tchalitchi, aonda pang'ono, akuti umaimba mothamanga ndipo sakumva bwino pa foni. Uziwaimbira Lamlungu masana ukhale nawo nthawi, kwanuko wotchi ili m'mbuyo ndi ola limodzi lokha miyezi ino, ulibe chonamizira.

Kunena zoona, chimene chinandikhudza mu imelo yako si Chingerezi. Chingerezi chako chilibe vuto, ndangokonza timawu tiwiri titatu. Ndi mantha amene ali mu mzere uliwonse, ngati munthu amene akudikira kuthamangitsidwa. Unalemba nthawi ya 3 koloko usiku, ndaona. Ukudya? Kuli amene umacheza naye kumeneko kupatula laputopu? Pamene unkanyamuka pa Kamuzu tonse tinkakuseka kuti ukabwera wonenepa, koma chithunzi chimene unatumizira Nabanda kolala ya shati ikuchita kulendewera.

Amalume akowo, ndisanaiwale, akuti uwagulire wotchi ya pamkono. Ndinangoti ndikuuza, sindinathe kuwayang'ana kumaso. Uwagulire yabwino ndithu, ndi chipepeso.

Pali nkhani ina ya malo aja a ku Chitedze imene a Phiri abwera nayo dzulo, akuti mwini wake tsopano wasintha mawu pa za malire, ndiye ndimati ndikufotokozere bwinobwino koma magetsi angozima ndipo foni yatsala pang'ono kuthima, ndikulembera ikadzaza. Undiuze akayankha mayiyo.

Ndine mnzako,
Yamikani