Lipoti la msonkhano wa ku Mulanje: kasanjidwe ka masilaidi a phunziro la mphindi 10

A Wapampando, akomiti, ndi inu nonse alimi otsogola a kuno ku Thekerani, ndikupereka lipoti la msonkhano wa masiku awiri umene munandituma ku boma la Mulanje. Nkhani zinalipo zingapo, koma ndifotokoza imodzi imene ikutikhudza msanga, popeza a alangizi atilonjeza purojekita pa tsiku la chionetsero, ndipo aliyense wa ife adzapatsidwa mphindi 10 zokha kuti aphunzitse mfundo imodzi kwa alimi amene sanaimvepo.

Tsiku loyamba mphunzitsi wathu anatiuza kuti aliyense akonze masilaidi pa mutu umene amaudziwa bwino. Ine ndinasankha matenda a chisaka, amene tonse tikudziwa mmene anawonongera nthochi muno m'boma la Thyolo. Ndinasanja phunziro langa monga mmene mabuku a zaulimi amachitira: ndinayamba ndi ubwino wa nthochi, kenaka mitundu yake, tanthauzo la chisaka, kachilombo koyambitsa matendawa, zizindikiro, kafalidwe, ndipo kumapeto kwenikweni njira zothana nawo. Masilaidi anakwana 16. Belu linalira ndili pa silaidi ya 9, ndisanatchule n'komwe za kuzula, ndipo mayi wina amene salima nthochi, yemwe anamuika kuti akhale wophunzira wanga, anandifunsa kuti, "Nanga bambo, mankhwala opopera kuti nthochiyo ichire ndi ati?" Funso limeneli linandichititsa manyazi, chifukwa mfundo yokhayo imene ndinafuna kuti apite nayo inali yoti nthochi yodwala chisaka sichira.

Mphunzitsi wathu ananena kuti vuto silinali kuyankhula pang'onopang'ono, koma kasanjidwe. Kasanjidwe ka m'buku kamasunga mfundo yaikulu kumapeto, ndipo kamathandiza munthu amene ali ndi nthawi yowerenga mutu wonse n'kubwerera pamene sanamvetse. Womvera wa mphindi 10 alibe mwayi umenewo. Anatchulanso kasanjidwe kachiwiri, kotsatira ndondomeko ya ntchito kuchokera pa choyamba mpaka chomaliza, kamene n'koyenera pophunzitsa zinthu monga kupanga manyowa, pamene anthu avomereza kale kuti ntchitoyo ndi yofunika ndipo angofuna kudziwa kachitidwe kake. Pa chisaka sizili choncho, pakuti mlimi sangazule phata limene lakhala likumudyetsa asanakhutire kuti palibe njira ina. Choncho kasanjidwe koyenera ndi kachitatu: kuyamba ndi vuto limene womvera amaliona m'munda mwake, kunena mfundo yatsopano msanga, kupereka umboni wake, ndi kumaliza ndi chochita.

Tisanatsegulenso laputopu, anatilamula kulemba papepala chiganizo chimodzi chimene wophunzira adzathe kukauza mnzake kunyumba. Changa chinali chakuti, "Nthochi ya chisaka sichira, choncho izuleni phata lonse isanapatsire zinzake." Kenaka silaidi iliyonse ndinaifunsa ngati ikuthandiza munthu kukhulupirira kapena kuchita zimenezi. Ya mitundu ya nthochi inachoka. Ya dzina la kachilombo m'Chingerezi inachokanso, ngakhale kuti ndinaikonda chifukwa inkasonyeza kuti ndinawerenga. Anatsala masilaidi 7.

Silaidi yoyamba ili ndi chithunzi chimodzi cha nthochi yopinimbira, masamba ake ang'onoang'ono ataunjikana kunsonga, ndipo ndimangofunsa kuti ndani anaionapo yotere. Yachiwiri ili ndi chiganizo chija chokha, moti mphindi 2 zisanathe aliyense amakhala atamva mfundo yaikulu, ndipo magetsi atathima pamenepo sangapite chimanjamanja. Yachitatu ndi yachinayi zimasonyeza kazindikiridwe ka matendawa: ina masamba opyapyala oima chilili okhala ndi chikasu m'mphepete, inayo timizere tobiriwira kwambiri ta pa msempha wapakati wa tsamba. Masilaidi anayi amenewa amatenga mphindi imodzi iliyonse. Yachisanu, ya mphindi imodzinso, imati matendawa amayenda ndi nsabwe za m'nthochi komanso mphukira zotengedwa pa phata lodwala, ndipo apa ndi pamene munthu amamvetsa chifukwa chake kusiya phata limodzi ndi kuika munda wonse pachiswe.

Silaidi yachisanu ndi chimodzi ndinaipatsa mphindi 3, nthawi yochuluka kuposa ina iliyonse, chifukwa ndi pamene pali ntchito imene anthu amalakwitsa: kuyamba wapha nsabwezo kuti zisathawire ku nthochi zina, kukumba phata lonse ndi ana ake osati kungodula thunthu, ndi kuduladula zokumbazo kuti ziume zisaphukenso. Yomaliza, ya mphindi imodzi, siinalembedwe kuti "Zikomo" ayi. Ili ndi chithunzi cha phata lodwala lokhala ndi mphukira yooneka yabwinobwino, ndi funso loti, "Kodi mphukira iyi mungaibzale?" Anthu akayankha kuti inde, ndiye kuti silaidi yachisanu siinamveke, ndipo wophunzitsa amadziwa pomwepo pofunika kukonza. Zonse pamodzi ndi mphindi 9, ndipo yotsalayo ndi ya zochedwetsa zimene sizilephera, monga kusekerera kwa anthu kapena purojekita yochedwa kuyaka.

Chinthu chimene ndinachiona chanzeru kwambiri ndi cha mitu ya masilaidi. Mutu usakhale liwu limodzi monga "Kafalidwe", koma chiganizo chonena kanthu, monga "Nsabwe ndi mphukira ndizo zimanyamula chisaka". Ubwino wake umaoneka poyesa kasanjidwe. Mu PowerPoint, pulogalamu yopangira masilaidi, muli kaonedwe kotchedwa Slide Sorter, kamene kamaika masilaidi onse pamodzi pa sikirini. Mukawerenga mitu yokha motsatizana n'kumveka ngati nkhani imodzi, kasanjidwe kali bwino, koma mukapeza kuti masilaidi awiri angasinthane malo popanda chosokonekera, kawirikawiri ndiye kuti mwangounjika mfundo, simunazilumikize. Pa gawo lotchedwa Slide Show palinso Rehearse Timings, imene imawerenga nthawi imene mwakhala pa silaidi iliyonse. Ndinaigwiritsa ntchito usiku kumalo ogona, ndikuyankhula mokweza m'Chichewa, ndipo inandionetsa kuti ndinkathera mphindi 2 pa malonje okha.

Wina anafunsa za lamulo lotchuka la 10/20/30 la a Guy Kawasaki, katswiri wa zamalonda wa ku America, loti masilaidi akhale 10, nthawi ikhale mphindi 20, ndipo zilembo zisachepere saizi 30. Mphunzitsi anayankha kuti lamulolo analipangira anthu ofuna kukopa oika ndalama m'mabizinesi, ndipo kwa ife chothandiza ndi 30 yekhayo, chifukwa zilembo zazikulu zimakukakamizani kulemba zochepa. Ndikugwirizana nazo, makamaka poganizira kuti ena mwa alimi athu sawerenga msanga, ndipo akayamba kulimbana ndi ndime ya pakhoma amasiya kumvera woyankhula.

Pali vuto limodzi limene ndinaliona ndekha. M'chipinda chowala masana, timizere tobiriwira tija sitinkaoneka pakhoma. Ndinaganiza zodzabweretsa tsamba lenileni, koma tinagwirizana kuti kuyenda ndi tsamba lodwala, mwina lili ndi nsabwe, kudutsa m'minda ya anthu n'kosayenera. Tidzafunika chithunzi chojambulidwa pafupi kwambiri, ndiponso nsalu zotchinga mawindo.

Pempho langa kwa a Wapampando ndi lakuti pa msonkhano wathu wotsatira aliyense amene adzaphunzitse abwere ndi chiganizo chake chimodzi ndi mitu ya masilaidi osapitirira 7 yolembedwa papepala, laputopu isanagwiridwe. Tidzaitane anthu awiri amene sadziwa mituyo kuti adzamvere, ndipo a mlembi adzasunge nthawi. Mitu yomweyo tidzaikopere pa mapepala aakulu, kuti tsikulo magetsi akadzathima tidzaphunzitse ndi mapepalawo. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a msungichuma.