Ndiyambire pati polemba nkhani ya masewero a ntchemberembaye?

Zikomo Alangizi,

Ndine mlembi wa kaligi ka mpira wa manja ka m'dera lathu kuno ku Zomba. Loweruka lililonse masewero akatha ndimalemba momwe zayendera, n'kutumiza pa gulu lathu la WhatsApp komanso kwa mnyamata wina amene amawerenga zamasewero pa wailesi ya m'dera. Kale ndinkalemba ngati ndikusimba ulendo. Ndinkayamba ndi nthawi imene matimu anafika, kenako chigawo choyamba, chachiwiri, mpaka chachinayi, zotsatira n'kubwera kumapeto kwenikweni. Tsiku lina mnyamatayo anawerenga ndime ziwiri zokha nthawi n'kumuthera, ndipo omvera anatsala akudziwa kuti oyimbira anachedwa koma osadziwa amene anapambana. Anandiuza kuti ndiziika chachikulu pamwamba, kuti iye akadula kumunsi nkhani isafe. Ndinamva, koma pochita ndi pamene ndasokonezeka.

Nachi chitsanzo cha sabata yathayi. Timu ya amayi a kumsika inagonjetsa ya kutchalitchi ndi mabasiketi 33 kwa 31, ndipo kupambanako kwaikweza pamwamba pa ligi. Chiganizo choyamba sichinandivute: amene wapambana, amene wagonja, zigoli, bwalo, tsiku, ndi zimene zasintha pa ndandanda wa ligi. Mutu unayamba kuwawa pa ndime yachiwiri.

A kutchalitchi ndi amene ankatsogola, 9 kwa 6 pakutha pa chigawo choyamba, 17 kwa 12 popita kokapuma. M'chigawo chachitatu zinafika pa 19 kwa 14. Apa mtsikana wamtali amene mphunzitsi wa kumsika anamuika pa GD, malo a wotchinga, pa nthawi yopuma anayamba kulanda mipira m'malere isanafike kwa ogoletsa, ndipo timu yake inamwetsa kasanu ndi kawiri motsatizana mpaka 21 kwa 19. Amene sadziwa masewerowa angaone ngati n'zochepa. Koma mu ntchemberembaye mpira woyambira pakati matimu amasinthana chigoli chikalowa, posatengera amene wagoletsa. Ndiye kuti mugoletse kasanu ndi kawiri anzanu osalawako, mwawalanda mpira wawo wapakati katatu kapena kanayi. Kwa ine masewero anatembenukira pamenepo.

Komano anthu pobwerera kunyumba sankakamba zimenezo. Ankakamba za mphindi yomaliza, a kumsika akutsogola 32 kwa 31, pamene GK wa kutchalitchi, wotchinga wa pagolo, anayandikira kwambiri wogoletsa, osasiya mpata wa mapazi atatu umene malamulo amafuna, oyimbira n'kupereka penate. GS wa kumsika, wogoletsa uja, anaponya, mpira unazungulira pa mkombero n'kulowa, wezulo n'kulira. Fumbi linali koboo! Ndiye ndiike chiti patsogolo, chimene chinapambanitsa timu kapena chimene anthu akuchikumbukira? Ine ndinasankha cha chigawo chachitatu, poganiza kuti ngakhale penate ija ikanaphonyedwa a kumsika anali patsogolo kale. Amuna anga atawerenga anati nkhaniyo yazizira ngati nsima ya dzulo.

Vuto lina n'lakuti ndikasokoneza dongosolo la nthawi, owerenga amasochera. Ndinalemba 33 kwa 31, kenako 21 kwa 19, kenako n'kubwerera ku 9 kwa 6, mayi wina n'kundifunsa ngati anali masewero atatu. Ndazindikira kuti mbali ina ndinalakwitsa ndekha, chifukwa pena ndinkayamba ndi zigoli za a kumsika, pena za a kutchalitchi, malinga ndi amene ankatsogola. Kodi ndibwino kuyamba ndi timu imodzimodzi nkhani yonse, ndiponso kutchula chigawo nthawi iliyonse ndikatchula zigoli? Ndaganizanso zochotsa zigoli za chigawo ndi chigawo m'kati mwa nkhani, n'kuziika pa mzere umodzi kumunsi. Mwina mungandiuze ngati atolankhani amatero.

Chomaliza ndi chapamtima pang'ono. Kapiteni wa kutchalitchi ndi mnansi wanga, timatunga pa mjigo umodzi. Anadandaula kuti timu yake inalamulira mphindi 30 zathunthu, theka la masewero, koma ine ndaikankhira ku ndime yachinayi imene pa wailesi siwerengedwa. Sindikumutsutsa. Kodi kulemba m'chiganizo choyamba kuti a kumsika anachita kuchokera kumbuyo atatsalira ndi mabasiketi asanu kungakwanire kupereka ulemu kwa ogonjawo? Nanga WA wawo, wopatsira mipira kwa ogoletsa, amene anabinya phazi m'chigawo chachinayi n'kutuluka, nkhani yake ikhale pamwamba kapena pansi, poti sanavulale kwambiri koma makolo ake amamvera wailesiyo?

Loweruka likubwerali matimu omwewa akumananso. Ndithandizeni lisanafike.

Ine wanu,
Mlembi wa ligi, Zomba