Mphere sachiza mwana mmodzi

Mwana wanga,

Azakhali ako abwera dzulo kuchoka ku Mchinjiko, akuti kamdzukulu kanga kakumangokanda usiku wonse mpaka zilonda m'mipata ya zala, ndiye iwe wakapaka mankhwala kokhako enanu mwangokhala. Zandinyasa zimenezi. Waiwala chaka chija mchimwene wako anabwera nazo kuchoka ku boding'i, ine nkumapaka iye yekha, zikatha zibwerenso, mpaka tonse kuno ku Santhe tinkakanda ngati nkhuku?

Mpherezi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timakumba pansi pa khungu nkuikira mazira. Munthu amene zamugwira koyamba amatha mwezi wathunthu ngakhale kuposa asanayambe kumva kuyabwa, koma akupatsira kale anzake ogona nawo. Ndiye amuna akowo asamati ine ndilibe. Auze kuti ndatero ndine apongozi awo. Onse m'nyumbamo mupake tsiku limodzi, ndi mtsikana amabereka mwana uja yemwe, amene akukanda ndi amene sakukanda.

Ukapite kuchipatala ukanene kuti mulipo angati ndi zaka za aliyense, chifukwa mankhwala oyera ngati mkaka aja, a BB, amawotcha, kwa ana amasungunula ndi madzi, mwana wakhanda usayerekeze kumupaka adokotala asanakuuze. Musambe madzulo, muume kaye, kenaka mupake thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuphazi osati pa zilonda pokha. M'khwapa, pamchombo, m'chiuno, kumaliseche, pansi pa zikhadabo ndipo uziwenge. Amakhala pathupi maola 24 osasamba, ukasamba m'manja pakanso pompo. Tsiku lobwereza akakuuza konko, usalumphe ngati umachitira ndi mapilisi uli kamtsikana, unkabisa kuseli kwa nkhokwe iwe.

Zofunda ndi pamene ndikukudziwa ulesi wako. M'mawa wa tsiku losamba mankhwalawo teleka madzi mu mpoto waukulu ndinakupatsa paukwati uja, atenthe kwambiri osati ofunda, unyikemo mashiti, mataulo, zovala zonse mwavala masiku 3 apitawa ndi zitenje zoberekera mwana, zimenezo anthu amaiwala. Uyanike padzuwa ziume gwa, usite ndi simbi yamakala. Mabulangete olemera amene sungachape uwamange mu thumba la pulasitiki sabata yathunthu, tizilomboti sitipitirira masiku 3 popanda khungu la munthu. Matilesi ndi mphasa panja, padzuwa.

Mukatha kupaka kuyabwa kumatha kupitirira masabata 2 mpaka 4, usamangothira mankhwala daile, uwaula khungu la mwana. Koma ukaona totupa tatsopano, kapena zilonda zachita mafinya, kapena nkhope yatupa ndipo mkodzo wada ngati tiyi, thamanga kuchipatala tsiku lomwelo, zimenezo zimafika ku impso.

Ndipo ndabwereza, nonse tsiku limodzi, bambo akunyumbawo asathawire kumsika. Ndakutumizira sopo ndi mtedza pa minibasi ya Lachisanu. Ukachapa undiimbire.

Ndine mayi ako