Lipoti la msonkhano wa makomiti a zomanga: kuwala kwa m'holo yathu

Apampando, abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo a m'komiti ya zomanga, zikomo pondituma ku msonkhano wa masiku awiri womwe unachitika ku Lilongwe. Munandipatsa funso limodzi: n'chifukwa chiyani holo yomwe tinavutika kuikweza mamita 7 imaoneka yaifupi ngati kalasi ya pulaimale? Yankho ndabwera nalo, ndipo lalozanso chala ife tomwe, chifukwa machubu a magetsi opachikidwa pa matcheni aja tinavomereza tokha.

Otiphunzitsa anali awiri, mayi wojambula mapulani a nyumba ndi bambo wa zamagetsi. Za ndalama ndi za kasungidwe ka zipangizo zinakambidwanso, koma zimenezo ndidzafotokoza pakamwa. Pano ndikhazikika pa zomwe ndinaona madzulo a tsiku loyamba.

Dzuwa litalowa anatilowetsa m'holo yaitali ngati yathu n'kuyatsa machubu olendewera mamita 3 kuchokera pansi. Mayi uja anatiuza kuti aliyense alembe papepala kutalika kwa denga monga akulionera. Ine ndinalemba mamita 5. Pamwamba pa machubuwo panali mdima bii, moti mapaso sankaoneka. Kenako anazimitsa zonse n'kuyatsa nyali ziwiri zokha zazing'ono zoloza kumwamba, zomwe anaziika pa makwerero. Mitanda inatulukira umodziumodzi mpaka kumsonga kwa denga, ndipo ndinamva amayi ena kumbuyo kwanga akuti "Ha!" chapansipansi. Pansi panali podera kuposa poyamba, koma holo inaoneka kuti yatalika kawiri.

Mfundo yake ndi yakuti diso siliyeza kutalika poona kuwala kwa pansi. Limakwera ndi khoma, n'kukaima pomwe kuwala kwathera. Ngati kuwala kwathera pa mzere wa machubu, diso limatenga mzerewo kukhala siling'i, ndipo zonse za pamwamba pake zimakhala ngati sitinamange. Chubu chowala chimathobwanso m'maso, kotero mdima wa kuseri kwake umaoneka wakuda kuposa momwe ulili.

Masana vuto ndi lomweli, kungoti limabwera ndi mawindo. Athu ali pamwamba, kuyambira mamita 5 kufika 6.5, ndipo tinaganiza bwino powaika pamenepo, chifukwa windo la pamwamba limaponya kuwala mpaka pakati pa holo. Koma munthu akakweza maso amaona thambo lowala kwambiri litazunguliridwa ndi njerwa zosapaka komanso malata omwe kunsi kwake kwada ndi fumbi. Diso limadzichepetsa kuti lipirire windolo, ndiye khoma ndi denga zimasanduka zakuda. Penti yoyera imabweza pafupifupi magawo 8 mwa 10 a kuwala komwe kwaifikira, pomwe njerwa yootcha ndi thabwa loderako zimabweza magawo awiri kapena atatu basi. Choncho ntchito yoyamba si ya waya ayi, ndi ya bulashi. Tipake pulasitala ndi penti yoyera yosanyezimira kuyambira pa lintala ya zitseko kukwera, tipakenso m'mphepete monse mwa mawindo, kunsi kwa malata ngakhalenso mapaso, kapena tiike siling'i yoyera yotsata kupendekeka kwa denga. Siling'i yafulati pa mamita 7 ingatidyere mamita 3 a kumsonga, ndipo ine sindikuivomereza. Chinanso chotchipa ndi kupendeketsa pulasitala ya kunsi kwa windo kuti itsetserekere mkati, kuti kuwala kuzitsika ndi khoma mmalo modukira pa ngodya yakuthwa.

Ndinafunsa za dandaulo la amayi okhala mbali ya kumpoto, omwe amatchinga nkhope ndi buku la nyimbo m'nyengo yozizira. Mayi uja anajambula pa bolodi. Kuno kwathu dzuwa la masana mu June limakhala chakumpoto, pafupifupi madigiri 53 kuchokera pansi, pomwe mu December limakhala pafupifupi pamutu, litapendekera pang'ono kummwera. Khonde la denga lathu ndi lalifupi, choncho dzuwa la June limalowa pa theka la kunsi la windo n'kukagwa mamita atatu kapena anayi kuchokera kukhoma, pomwe pali mabenchi aja. Ena mwa ife tinkaganiza zoika makatani. Makatani angaphe kuwala konse kwa pamwamba, kenako tiziyatsa magetsi masanasana. Njira yabwino ndi kusintha magalasi a kumpoto okha kuti akhale osaonekera bwino aja, onga a kubafa, omwe amamwaza kuwala, kwina n'kumapita kudenga. A kummwera asiyidwe momwe alili, popeza dzuwa silivutitsa kwenikweni kumeneko.

Tsopano masamu a nyali, omwe ndinachita limodzi ndi bambo wa zamagetsi pogwiritsa ntchito miyeso ya holo yathu. Mawu ofunika ndi awiri. Malumeni ndi kuchuluka kwa kuwala komwe nyali imatulutsa, ndipo amalembedwa pa katoni. Malakisi ndi kuwala komwe kwafika pa buku lomwe munthu wagwira. Pa holo ya misonkhano, malakisi 200 ndi okwanira kuwerenga Baibulo ndi nyimbo. Holo yathu ndi mamita 24 m'litali, 12 m'lifupi, ndiye pansi pake ndi masikweyamita 288. Tikachulukitsa 288 ndi 200 tikupeza malumeni 57,600 omwe ayenera kufika pa mabenchi. Koma m'chipinda chachitali chonchi pafupifupi theka la kuwala limathera m'makoma, ndipo fumbi ndi kukalamba kwa nyali zimadyanso gawo limodzi mwa asanu la chotsalacho. Chomwe chimafika ndi magawo 4 mwa 10. Ndiye tigule malumeni 144,000, omwe ndi nyali 12 za malumeni 12,000 iliyonse, zija za mawati 100 zolembedwa `LED`.

Zikhale mizere iwiri, zisanu ndi imodzi pa mzere, motalikirana mamita 4, mzere uliwonse mamita 3 kuchokera kukhoma. Chachikulu ndi msinkhu wake: zimangiriridwe pa mitanda yopingasa, pa mamita 7, pamwamba pa mitu ya mawindo, osati kulendewera pakati pa holo. Wina anafunsa ngati kuwala sikuchepa nyali ikakwera chonchi. N'zoona kuti nyali imodzi ukaitalikitsa kawiri, kuwala kwa pansi pake penipeni kumatsala gawo limodzi mwa anayi, ndipo n'chifukwa chake aja anatiikira machubu anawatsitsa: chubu wamba sichingaponye kuwala mamita 7. Koma nyali zopangidwira denga lalitali zimasonkhanitsa kuwala n'kukuloza pansi, ndipo kuwala kwa nyali zoyandikana kumakumana. Tisankhe zokhala ndi chivindikiro chomwaza kuwala, kuti woyang'ana m'mwamba asathobwe.

Komatu nyali 12 zimenezi pazokha sizingathetse vuto lathu. Zimaloza pansi, ndiye kumsonga kwa denga kukhalabe mdima, ndipo usiku mawindo aja amasanduka mabowo akuda motsatana. Pakufunika gulu lachiwiri, nyali 8 za mawati 30 zoloza kumwamba, zinayi mbali iliyonse, zoikidwa pa nsanamira za m'khoma pa msinkhu wa mamita 3.5. Iliyonse iloze tsidya lina la denga, osati pamwamba pake penipeni, chifukwa nyali yoloza molunjika imapanga chigamba chowala pakhoma n'kusiya pakati pali mdima. Isalozenso pa galasi la windo, poti kumeneko ndi kuunikira bwalo la panja ndi ndalama za chopereka. Kunsi kwake kutchingidwe ndi kathabwa kuti wokhala pa benchi asaone babu. Otiphunzitsa aja anationetsa pamenepa: anasuntha nyali imodzi pang'ono chabe, mthunzi wa phaso unagwa pa malata ngati mpanda, kenako atayatsa ya tsidya lina mthunziwo unafewa. N'chifukwa chake ziyenera kukhala mbali zonse ziwiri.

Pogula tiyang'anenso nambala yomwe imathera ndi `K` pa katoni. Zambiri za m'mashopu ndi `6500K`, zoyera mopita ku buluu, ndipo pa nkhope za anthu zimaoneka zozizira. Popeza holo yathu imagwira ntchito masana kwambiri, alangizi anati `4000K` imagwirizana bwino ndi kuwala kolowera pa mawindo. Chofunika koposa n'chakuti zonse 20 zikhale za nambala imodzi. Tikasakaniza nambala, denga looneka lachikasu pamwamba pa mabenchi ooneka abuluu limaduliranso holo pakati ngati momwe machubu akuchitira.

Magetsi onse pamodzi ndi mawati 1,440, omwe pa mavoliti 230 ndi maampu osapitirira 7. Magulu awiriwa akhale ndi maswichi osiyana. Masana a mitambo tingayatse zoloza kudenga zokha, ndipo magetsi akathima, mawati 240 amenewa jenereta yathu yaing'ono ingawanyamule pamodzi ndi zimkuzamawu. Ndinene poyera kuti kuwala kobwerera kuchokera kudenga n'kokwanira kuyenda ndi kuonana nkhope, osati kuwerenga zilembo zing'onozing'ono.

Pali chinthu chimodzi chomwe chikundidetsa nkhawa, ndipo ndikupempha tisachidumphe. Nyali ya pa mamita 7 ikafa, adzakwerako ndani? Makwerero athu safika, ndipo sindifuna kudzaona mnyamata wa kwaya ataimika makwerero pa tebulo. Tigwirizane kuti sikafodi yomwe tidzabwereke popaka penti ndi yomweyo idzagwire ntchito yoika nyali, ndipo kamodzi pachaka tizibwereka ina yopukutira magalasi ndi kuchotsa ukonde wa akangaude. Nyali zoloza kumwamba zimasonkhanitsa fumbi ndi tizilombo takufa msanga, koma pa mamita 3.5 makwerero athu amafika. Mipata ya pansi pa malata itsekedwe ndi waya wa sefa penti isanapakidwe, apo ayi mileme idzadetsa denga chaka chisanathe.

Tisanagule kanthu, ndikupempha chilolezo choyesa Lachisanu likubwerali, mapemphero a madzulo akatha. Ndabwereka nyali ziwiri za mawati 30 ndi waya wautali. Tidzapachika nsalu yoyera pa mapaso a chigawo chimodzi, china tidzasiye momwe chilili, kuti aliyense adzaonere yekha kusiyana kwa penti. Tidzaima pakhomo lalikulu, n'kutsinzina pang'ono mpaka zinthu zing'onozing'ono zisiye kuoneka: ngati pali mzere womwe kuwala kwadukira, ndiye kuti nyali sinaloze bwino. Tidzakhalanso pa benchi ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kuti tione ngati babu likuoneka. Asungichuma, chonde mudzabwere ndi mitengo ya penti yoyera ya malita 20, ndipo a zamagetsi a mumpingo mwathu adzatithandize kuwerenga mamita a waya wa magulu awiriwa.